Imelo yoperekeza kontirakiti kwa a zachuma isanasainidwe: zimene iyenera kunena

M'makampani ndi m'mabungwe ambiri, kontirakiti yogulira katundu imakambidwa ndi ofesi yogula zinthu, imaunikidwa ndi loya, ndipo imasainidwa ndi mkulu wa kampani. Koma amene adzakhale nayo tsiku ndi tsiku kwa chaka chonse ndi a zachuma, chifukwa ndiwo amalandira invoisi, kudula misonkho, kusunga masiku olipirira ndi kuyankha mafunso a ofufuza mabuku kumapeto kwa chaka. Pa chifukwa chimenechi, kontirakiti isanasainidwe, wogwira ntchito amene wakhala akukambirana ndi wogulitsa amatumiza kope lomaliza kwa a zachuma pamodzi ndi imelo yofotokoza mfundo zikuluzikulu. Imelo imeneyi imaoneka ngati kalata wamba yoperekezera chikalata, ndipo ambiri amailemba choncho, mizere iwiri yopempha kuti awerenge ndi kupereka maganizo. Ndikuona kuti kulemba motero n'kutaya mwayi womaliza wokonza zolakwika, pakuti mkulu akangosaina, chilichonse chimene a zachuma angachipeze chimafuna kuti wogulitsa avomere kuchisintha, ndipo wogulitsa amene wapeza kale phindu pa ndime inayake sakhala ndi chifukwa chovomerera.

Ntchito ya imeloyi ndi kutenga masamba makumi atatu a Chingerezi cha maloya ndi kuwasandutsa ndalama, masiku ndi zinthu zofunika chigamulo. Wa zachuma akaiwerenga ayenera kudziwa ndalama zimene zituluke, tsiku limene zituluke, zimene zingachititse kuti zikwere, ndiponso ndalama zimene kampani ingataye itafuna kuchoka mu mgwirizanowo. Ndime zonena za chinsinsi cha malonda kapena tanthauzo la mawu ndi zofunika kwa loya, koma m'imelo yopita kwa a zachuma zimangodzaza malo pokhapokha ngati zili ndi chindapusa cha ndalama.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, titenge chitsanzo chopeka. Kampani yopakira mpunga ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, ikufuna kugula matumba kwa wogulitsa wa ku Limbe. Kontirakiti ndi ya miyezi khumi ndi iwiri, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Malichi, ndipo wogulitsa azipereka matumba 20,000 mwezi uliwonse pa mtengo wa K650 thumba limodzi. Pa chaka chonse matumba ndi 240,000, ndipo mtengo wake ndi K156,000,000. Nambala imeneyi ndi imene imakhala pa tsamba loyamba la kontirakiti, ndipo ndi imene wolemba wothamanga amaikopera m'imelo n'kumaganiza kuti wamaliza.

Funso loyamba limene wa zachuma aliyense adzafunse ndi lakuti kodi K156,000,000 imeneyi yaphatikiza msonkho wa VAT kapena ayi. Tikawerengera pa 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito m'Malawi kwa zaka zambiri, msonkhowu ndi K25,740,000, kotero ndalama zonse zotuluka ku banki ndi K181,740,000. Wolemba ayenera kutsimikiza mlingo umene ukugwira ntchito pa nthawi yolembayo, chifukwa boma limatha kuusintha powerenga bajeti, ndipo ayenera kunena ngati kontirakiti ikufotokoza amene adzasenze kusinthako. Nambala zonse ziwiri, yopanda msonkho ndi ya msonkho, zilembedwe moyandikana, popeza a zachuma amazigwiritsa ntchito mosiyana. Kampani yolembetsa VAT imene katundu wake amalipiritsa msonkhowu imabweza VAT imene yalipira pogula zinthu, choncho kwa iyo K25,740,000 ndi ndalama zotuluka lero n'kudzabwerera pambuyo pake. Kwa bungwe losalembetsa, kapena kwa kampani imene katundu wake ali m'gulu losakhudzidwa ndi VAT, ndalamazo zimalowa mu mtengo weniweni wa matumba ndipo sizibwerera. Wolemba imelo sayenera kugamula nkhani imeneyi yekha. Udindo wake ndi kupereka nambala zonse ziwiri, kutchula nambala ya msonkho ya wogulitsa yotchedwa TPIN, ndi kunena ngati wogulitsayo ndi wolembetsa VAT ku MRA, chifukwa popanda invoisi yovomerezeka ya msonkho palibe chimene chingabwezedwe.

Pafupi ndi nkhani ya VAT pali msonkho umene wogula amadula pa malipiro asanapereke ndalama kwa wogulitsa n'kukaupereka ku MRA. Pa katundu wogulitsidwa ku makampani ndi mabungwe mlingo wake wakhala 3 peresenti, ndipo pa invoisi ya K13,000,000, yomwe ndi mtengo wa matumba a mwezi umodzi popanda VAT, ndalamazo ndi K390,000. Wogulitsa amene ali ndi satifiketi ya MRA yomuchotsa pa msonkho umenewu amalandira ndalama zonse osadulidwa, koma satifiketiyo imakhala ndi tsiku lothera. Imelo yabwino imanena kuti satifiketi ilipo kapena palibe, imatchula tsiku limene ikutha, ndipo imaonetsa ngati kontirakiti ikulola wogula kudula msonkho popanda kuonedwa ngati walipira mopelewera. Pali makontirakiti amene amanena kuti wogulitsa azilandira ndalama zonse za pa invoisi popanda kuchotsapo kanthu, ndipo ngati lamulo likakamiza kudula msonkho, wogula aziwonjezera kuti wogulitsa asaluze. Ndime yotereyi imasamutsira msonkho wa wogulitsa pa mapewa a wogula, ndipo nthawi zambiri imabisala pakati pa ndime za kumapeto zimene anthu amaziwerenga atatopa kale.

Mbali imene imafuna malo ambiri m'imelo ndi ya kusintha kwa mtengo, chifukwa ndi pamene bajeti imaonongekera. Matumba a pulasitiki amapangidwa ndi zipangizo zochokera kunja, kotero wogulitsa wanzeru savomera kumanga mtengo wa kwacha kwa chaka chonse. M'chitsanzo chathu, ndime 7 ikunena kuti 60 peresenti ya mtengo wa thumba ndi yomangirizidwa ku dola, ndipo dola ikakwera kupitirira 5 peresenti kuchokera pa tsiku losaina, gawo limenelo la mtengo likwera mofanana. Kungolemba kuti mtengo ukhoza kusintha potengera dola sikuthandiza a zachuma, chifukwa iwo amakonza bajeti ndi manambala. Wolemba ayenera kuwerengera yekha chitsanzo chimodzi kapena ziwiri. Amalawi safunika kuyerekeza kutali pa nkhani imeneyi: mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inalengeza kutsitsa kwa 44 peresenti, pamene dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Zoterezi zitachitikanso mkati mwa kontirakiti yathu, gawo la K390 la mtengo wa thumba likhoza kukwera ndi K171.60, ndipo thumba limodzi lifika pa K821.60. Pa mwezi ndi ndalama zowonjezera K3,432,000, ndipo ngati kusinthako kwabwera patatha miyezi inayi, miyezi isanu ndi itatu yotsalayo iwonjezera K27,456,000 popanda VAT. Ngati bajeti yovomerezeka ya matumba inali K160,000,000, mpata umene unalipo unali K4,000,000 yokha. Wa zachuma akaona manambala awiriwa pafupi, amadziwa nthawi yomweyo kuti nkhaniyi iyenera kupita kwa akuluakulu asanasaine.

Ndime ya dola ili ndi tizinthu tina ting'onoting'ono timene wolemba ayenera kufufuza, chifukwa mikangano yambiri imachokera pamenepo. Choyamba ndi mtengo wa dola umene ukutchulidwa: kodi ndi umene Reserve Bank imafalitsa, kapena umene banki ya wogulitsa imagulitsira, kapena kontirakiti yangonena kuti mtengo wa pamsika osafotokoza msika wake? M'dziko limene mtengo wovomerezeka ndi wa pamsika wamseri zimasiyana kwambiri, mawu osamveka otere ndi oopsa. China ndi tsiku loyezera, kaya ndi tsiku loitanitsa katundu, la invoisi kapena lolipira. Chinanso ndi chakuti kodi ndimeyo imagwira mbali zonse ziwiri, kotero kuti dola ikatsika mtengo utsikanso, ndipo kodi pali malire amene mtengo ukawapitirira wogula ali ndi ufulu wochoka popanda chindapusa. Ngati malire palibe, imelo inene poyera kuti palibe. Pa nkhani iyi ine ndimaona kuti kutchula chimene kontirakiti sinanene n'kofunika mofanana ndi kutchula chimene yanena, pakuti wowerenga chidule saona dzenje la chinthu chimene sichinalembedwe.

Kenaka pamabwera ndalama zolipiriratu. Wogulitsa wathu akufuna 20 peresenti ya mtengo wonse, yomwe ndi K31,200,000, pasanathe masiku asanu ndi awiri chisainireni kontirakiti, kuti agulire zipangizo. Ndalamazi zizibwezedwa pochotsa K2,600,000 pa invoisi ya mwezi uliwonse, kotero invoisi ya K15,145,000, yophatikiza VAT, izilipidwa K12,545,000. A zachuma ayenera kudziwa zimenezi msanga chifukwa K31,200,000 ituluka kumapeto kwa Malichi, thumba ngakhale limodzi lisanafike, ndipo mwina mwezi womwewo kampani ikufunika ndalama zambiri zogulira mpunga kwa alimi pamene kukolola kukuyandikira. Chofunika kuposa apa ndi chitetezo cha ndalamazo. Mwa nthawi zonse wogula amafuna kalata ya banki kapena ya kampani ya inshuwalansi yotsimikiza kuti wogulitsa akalephera, ndalama zolipiriratu zidzabwezedwa. Wolemba imelo atsegule kalatayo ndi kuyang'ana tsiku lake lothera. Ngati ikutha pa 30 Sepitembala pamene kontirakiti ikutha pa 31 Malichi, ndiye kuti theka la ndalamazo, K15,600,000, lidzakhala m'manja mwa wogulitsa popanda chitetezo chilichonse kuyambira pa 1 Okutobala. Ayang'anenso ngati kalatayo ikulipira wogula akangopempha, kapena ikufuna kuti khoti liyambe lagamula kuti wogulitsa walakwa, chifukwa kalata ya mtundu wachiwiriwu imatha kutenga nthawi yaitali isanatulutse ndalama.

Masiku olipirira amaoneka osavuta, koma ndi pamene kontirakiti imawombana ndi kachitidwe ka mu ofesi ya akaunti. Mawu akuti kulipira pasanathe masiku 30 sakwanira mpaka titadziwa tsiku loyambira kuwerenga. Mu kontirakiti yathu masikuwa akuyambira pa tsiku lolembedwa pa invoisi. Tiyerekeze kuti wogulitsa amalemba invoisi pa 20 mwezi uliwonse, katundu amafika ku Kanengo n'kuwerengedwa ndi a ku sitolo cha pa 28, ndipo kampani imalipira ogulitsa onse kamodzi pa mwezi, pa 25. Invoisi ya pa 20 Epulo siingalowe m'malipiro a pa 25 Epulo chifukwa chikalata cholandirira katundu sichinalembedwe, choncho idikira mpaka pa 25 Meyi, pamene kontirakiti ikufuna kuti ilipidwe pofika pa 20 Meyi. Kampani izichedwa ndi masiku pafupifupi asanu mwezi uliwonse ngakhale aliyense atagwira ntchito yake bwino. Ngati ndime ya chiwongoladzanja ikunena 3 peresenti pa mwezi kapena gawo la mwezi, masiku asanuwo awerengedwa ngati mwezi wathunthu, ndipo ndi K376,350 pa invoisi iliyonse, kapena kupitirira K4,500,000 pa chaka. Ofesi yogula zinthu siingaone vuto limeneli payokha, ndipo loya sadziwa tsiku limene kampani imalipira. A zachuma okha ndiwo angalione, koma angalione ngati imelo yatchula tsiku loyambira kuwerenga ndi mawu enieni a ndime ya chiwongoladzanja. Kukonza kwake n'kophweka kontirakiti isanasainidwe: masiku ayambire pa tsiku lolandira katundu ndi invoisi yolondola, kapena akhale 45, ndipo chiwongoladzanja chiziwerengedwa pa tsiku.

Za mayendedwe a katundu zingathe kunenedwa mwachidule, bola zimveke. Mtengo wa K650 ukhoza kutanthauza thumba lili pa fakitale ku Limbe kapena litafika ku Kanengo, ndipo pakati pa malo awiriwa pali mtunda wa makilomita oposa 300 wofunika lole, mafuta ndi inshuwalansi. Pa katundu wochokera kunja, wodzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, makontirakiti amagwiritsa ntchito zilembo za Incoterms monga EXW, DAP ndi DDP. Imelo itchule zilembozo pamodzi ndi dzina la malo, kenaka ifotokoze m'mawu wamba amene alipire mayendedwe, amene alipire msonkho wa pachipata, ndi pamene katundu akaonongeka amakhala vuto la wogula.

Mfundo ina imene anthu amaiphonya ndi ya zimene kampani ikudzimangirira. Chiwerengero cha matumba 240,000 chikhoza kukhala chongoyerekeza, kapena chikhoza kukhala lonjezo. Mu chitsanzo chathu ndime 5 ikukakamiza wogula kutenga matumba osachepera 192,000 pa chaka, ndipo pa thumba lililonse lopelewera alipire theka la mtengo. Chaka chitavuta, mvula itadula, kampani n'kungofuna matumba 150,000, ipelewera ndi 42,000 ndipo ilipira K13,650,000 pa katundu amene sinalandire. Palinso ndime yoti kontirakiti idzadzipitiriza yokha kwa chaka china ngati mbali imodzi sinalembe kalata yokana masiku 60 isanathe. M'imelo, masiku 60 amenewa asandutsidwe tsiku la pa kalendala, lomwe ndi 30 Januwale, ndipo patchulidwe udindo wa munthu amene adzakumbutse. Ndime yonga iyi ili ngati chiswe m'denga, chimene chimadya mwakachetechete mpaka tsiku limene mtanda wagwa. Imaonekera pamene invoisi ya Epulo wa chaka chotsatira yafika pa desiki ya munthu amene ankadziwa kuti mgwirizano unatha.

Tsopano tione mmene zonsezi zingalowere m'imelo imodzi yosatopetsa. Mu bokosi la Subject mulembedwe dzina la wogulitsa, mtundu wa katundu, ndi tsiku limene yankho likufunika, kuti imeloyo idzapezeke mosavuta ngakhale patapita chaka. Thupi lake likhoza kuyenda motere:

"Mayi Mkulu wa Zachuma, ndatumiza kope lachinayi la kontirakiti ya matumba, la pa 10 Malichi, lomwe loya waliona kale. Akuluakulu akufuna kusaina Lachisanu pa 21 Malichi, choncho ndikupempha yankho lanu pofika Lachiwiri pa 18 Malichi pa zinthu zitatu zimene ndaziika kumapeto.

"Mtengo wonse ndi K156,000,000 popanda VAT, kapena K181,740,000 pamodzi ndi VAT, pa matumba 240,000 ofikitsidwa ku Kanengo (ndime 3 ndi 4). Bajeti yovomerezeka ndi K160,000,000 popanda VAT. Tidzalipiriratu K31,200,000 pasanathe masiku asanu ndi awiri chisainireni, ndipo pambuyo pake K12,545,000 mwezi uliwonse (ndime 6). Satifiketi ya wogulitsa yomuchotsa pa msonkho wodula pa malipiro ndaiphatikiza, ndipo itha kontirakiti ili mkati.

"Mtengo si wokhazikika. Gawo la 60 peresenti likutsatira dola ndipo malire palibe (ndime 7). Dola itakwera ndi 10 peresenti, thumba lifika pa K689. Itakwera ndi 44 peresenti, lifika pa K821.60. Tikudzimangirira kugula matumba osachepera 192,000 (ndime 5), ndipo kalata yokana kupitiriza iyenera kuperekedwa pofika pa 30 Januwale (ndime 15).

"Ndikupempha chigamulo chanu pa izi. Kodi tivomere ndime ya dola mmene ilili, kapena tiumirire malire? Kodi tingakwanitse kulipira pasanathe masiku 30 kuchokera pa tsiku la invoisi, poganizira kuti timalipira pa 25? Kodi tivomere kalata ya banki yotha pa 30 Sepitembala? Maganizo anga ndi akuti tisasaine mpaka kalatayo italembedwanso kuti ifike pa 30 Epulo chaka chamawa. Imeloyi ndi chidule chabe. Ikasiyana ndi kontirakiti, cholondola ndi kontirakiti."

Mu imelo iyi muli zinthu zingapo zoyenera kuziona mwapafupi. Nambala iliyonse ili ndi ndime yake, kotero wa zachuma akakayikira amatsegula tsamba loyenera osayamba kuwerenga chikalata chonse. Kope latchulidwa ndi nambala ndi tsiku, chifukwa pokambirana kontirakiti pamatuluka makope ambiri, ndipo zimachitika kuti a zachuma avomereza kope lachitatu pamene losainidwa ndi lachisanu, m'mene wogulitsa anasinthamo masiku olipirira. Njira yopewera zimenezi ndi kutumiza kope lomaliza ngati PDF, kuphatikiza kope loonetsa zimene zasintha, ndi kulonjeza kuti kusintha kulikonse kwa ndalama kapena masiku kudzabwereranso kwa a zachuma. Zomata kumapeto kwa kontirakiti, monga ndandanda ya mitengo ndi kalata ya banki, zitumizidwenso, popeza nthawi zambiri nambala zenizeni zimakhala m'menemo, ndipo pamakhala ndime yonena kuti zikasemphana ndi thupi la kontirakiti, chimene chipambane ndi chiti.

Wolembayo wasiyanitsanso zimene kontirakiti ikunena ndi zimene iye wawerengera kapena akuganiza. Mtengo wa K821.60 sukupezeka pa tsamba lililonse la kontirakiti. Ndi kuwerengera kwake, ndipo waonetsa kuti ndi chitsanzo. Maganizo ake oti asasaine wawalemba ngati maganizo. Kusakaniza ziwirizi kumabweretsa vuto lalikulu, makamaka pamene wolemba walowetsa m'chidule malonjezo apakamwa. Wogulitsa atha kunena pa foni kuti sadzalipiritsa chiwongoladzanja pa kuchedwa kwa masiku ochepa, ndipo mwina akunena zoona. Komabe makontirakiti ambiri ali ndi ndime yonena kuti chikalatacho ndiwo mgwirizano wonse, ndipo zokambirana zonse zam'mbuyo zafafanizidwa. Lonjezo limene silinalembedwe likatchulidwa m'imelo, litchulidwe pamodzi ndi chenjezo lakuti silili mu kontirakiti, ndipo pakhale pempho loti lilowetsedwe.

Chiganizo chomaliza, chonena kuti kontirakiti ndiyo yolondola ikasiyana ndi chidule, chili ndi ntchito yake, koma sichipereka ufulu wolemba mosasamala. A zachuma ambiri adzakonza ndondomeko ya malipiro kuchokera pa imeloyo, ndipo ofufuza mabuku adzaifuna ngati umboni wakuti kampani inadziwa zimene inkasaina. Pa chifukwa chomwecho, yankho la a zachuma likhale lolembedwa ndi lomveka, lonena kuti avomereza, akana, kapena avomereza pokhapokha ndime yakutiyakuti itasinthidwa. Kukhala chete kusatengedwe ngati kuvomera, ndipo wolemba asawapatse maola awiri kuti aunike mgwirizano wa chaka chonse. Masiku atatu kapena asanu ogwira ntchito ndi oyenera pa kontirakiti ya kukula kumeneku, chifukwa wa zachuma afunika kuyang'ana bajeti, kuona ndalama zimene zidzakhale ku banki kumapeto kwa Malichi, ndipo mwina kufunsa wodziwa za misonkho.

Amene alandire imeloyo asankhidwe mosamala. Ipite kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza, ndipo mu Cc mukhale wolipira ogulitsa, loya ndi mwini bajeti. Wogulitsa asaikidwemo ngakhale pang'ono, chifukwa imeloyo ikutchula bajeti ya kampani ndi mfundo zimene kampani ingagonjere. Ngozi imeneyi imabwera kawirikawiri pamene wolemba watenga uthenga wa wogulitsa n'kudina Reply all m'malo moyamba uthenga watsopano, kapena pamene watumiza mndandanda wonse wa mauthenga akale. Imelo itchulenso amene ayenera kusaina malinga ndi malamulo a m'kati mwa kampani. Ngati mkulu wa nthambi amaloledwa kusaina mpaka K100,000,000, kontirakiti ya K156,000,000 ikufunika mkulu wa kampani kapena bodi, ndipo poyeza malirewo awerengere mtengo wa chaka chonse, osati invoisi ya mwezi umodzi. M'maofesi a boma ndi m'makampani a boma mulinso malamulo a kagulidwe ka katundu amene bungwe la PPDA limayang'anira, kotero kumeneko imelo imatchulanso chivomerezo cha komiti yogula katundu ndi tsiku lake.

Nkhani ya akaunti ya banki ya wogulitsa imafuna chisamaliro chapadera. Pali umbava wodziwika m'maiko ambiri umene akuba amatumiza uthenga wooneka ngati wochokera kwa wogulitsa, wonena kuti akaunti yasintha, ndipo malipiro aakulu oyamba, monga K31,200,000 yathu yolipiriratu, ndiwo amawafuna kwambiri. Chifukwa cha ichi, nambala ya akaunti ilembedwe mu kontirakiti yeniyeniyo, ndipo imelo ingoloza ku ndime kapena chomata chimene muli nambalayo m'malo moikopera. Wolemba anene ngati akauntiyo yatsimikizidwa, ndi njira imene yatsimikizidwira, monga kalata yochokera ku banki ya wogulitsa ndi kuimba foni pa nambala imene kampani inali nayo kale, osati imene yabwera mu uthenga womwewo. Ndi bwinonso kuona kuti dzina la pa akaunti likufanana ndendende ndi dzina la kampani la pa kontirakiti ndi la pa satifiketi ya MRA. Ngati kontirakiti ilibe ndime yofotokoza mmene akaunti ingasinthidwire, a zachuma apemphe kuti iwonjezedwe, yonena kuti kusintha kulikonse kudzabwera m'kalata yosainidwa ndi anthu omwewo amene anasaina kontirakiti, ndipo sikudzagwira ntchito mpaka a zachuma atakutsimikiza.